Mphatso ya munthu waulumali: kafunsidwe, miyezo yake ndi kaperekedwe kosachititsa manyazi

Ikafika Disembala kapena wina akamabwera kuchokera ku Joni mafunso amakhala omwewo, tiwagulire chani amalume aja chiwagwireni sitiroko, tiwatengere chani azakhali oyendera ndodo aja. Ndipo yankho lomwe limabwera msanga ndi wilitcheya, chifukwa ndi yaikulu, imaoneka, aliyense pamudzi adziwa kuti mwana wa uje wachitapo kanthu. Koma tayendani m'makomo muone mawilitcheya angati ali kuseri kwa chitseko atasanduka poika zovala. Sikuti eni ake ndi osayamika ayi, chinthucho sichinawakwane kapena sichiyenda pabwalo lawo basi. Apa ndikamba kwambiri za m'bale yemwe amavutika kuyenda, enawo ndingowakhudza pang'ono kumapeto.

Choyamba, funsani mwini wake

Osati mkazi wawo, osati mwana yemwe amawasamala, iwowo. Ngati kuyankhula kumavuta chifukwa cha sitiroko khalani pansi mudikire, amaliza okha chiganizocho, musawamalizire. Owasamala mudzawafunsa pambuyo kuti muonjezere zomwe mwamva.

Kafunsidwe nako kali ndi nzeru yake. Mukati "mukufuna chani amalume?" munthu wamkulu wakwathu kuno ayankha kuti chilichonse mwanawe, bola moyo, ndiye mwatuluka opanda kanthu. Funsani za tsiku lawo. Kuyambira podzuka mpaka pogona, ndi pati pomwe mumachita kuitana munthu pomwe mukanakonda kupanga nokha? Ndi chani chomwe chimatha msanga kapena kuonongeka pafupipafupi? Kutchalitchi kapena kumsika munasiya kupita chifukwa chani kwenikweni? Mayankho ake amakhala tinthu tooneka tating'ono, sitepe ya pakhonde, malabala a ndodo, kunjuta kuchimbudzi, ndipo mphatso yanu ili pamenepo.

Nkhani ya kuchimbudzi ndi kubafa si yoti mphwake wamkazi afunse amalume ake pagulu. Tumani munthu yemwe amamasukirana naye, mwamuna mnzawo, kapena azakhali afunsidwe ndi mzimayi mnzawo pambali. Za sapulaizi iwalani, zimakoma pa keke ndi chitenje koma pa chipangizo chomwe thupi la munthu lizitsamira tsiku lililonse sapulaizi ndi imene imabweretsa saizi yolakwika.

Chachiwiri, wilitcheya musagule mongoyerekeza

Wilitcheya ili ngati nsapato, ya mnzako imakupweteka ngakhale ikhale yodula. Ikakula munthu amapendekera mbali imodzi ndipo manja safika bwino pa mawilo, ikachepa imakhula m'chiuno. Pokhalira pakatalika kwambiri pamadinda kuseri kwa bondo, pamafunika patsale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa mpando ndi kuseri kwa bondoko. Zopondera mapazi zikakwera kwambiri kulemera konse kumapita pa mafupa a m'matako, ndipo apo ndi pomwe zilonda zimayambira. Komanso zija za kuchipatala zopinda, za timawilo ting'onoting'ono kutsogolo, zinapangidwira pa simenti, zikafika pa mchenga wa ku Mangochi kapena matope a dzinja zimatitimira pompo. Kumudzi zimachita bwino ndi za mawilo atatu zokhala ndi wilo lalikulu kutsogolo, kapena njinga yopalasa ndi manja kwa munthu wa manja amphamvu yemwe amayenda mitunda.

Bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yake ya mawilitcheya mu 2008 yonena zomwezi, kuti munthu ayambe wayezedwa ndi wodziwa ntchitoyi, ayesere, aphunzitsidwe kagwiritsidwe kake, kenako azionedwabe. Ndiye ngati mtima wanu uli pa wilitcheya, mphatso yanu ikhale ulendo wokayezetsa. Lipirani galimoto yopita ndi kubwera ya anthu awiri, chakudya cha panjira, ndi mtengo wa chipangizocho akachisankha odziwa. Poyambira ndi kwa a fiziyo pa chipatala cha boma, iwo ndi amene amadziwa kotumiza. Kuli a MAP, bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, omwe akhala akupanga ndi kukonza njinga za olumala kwa zaka zambiri, kuli malo othandiza olumala a Kachere ku Blantyre pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo za miyendo yochita kupanga ndi zitsulo zolimbitsa mwendo kuli malo ake pa Kamuzu Central ku Lilongwe ndi pa Mzuzu Central. Imbani kaye musananyamule munthu, kuti mudziwe tsiku lomwe amaona anthu.

Ngati wilitcheya ali nayo kale, yang'anani chomwe akhalira. Munthu yemwe anavulala msana samva kupweteka m'matako, ndiye chilonda chimayamba iye osadziwa, ndipo zilonda zimenezi zimapha ndithu zikalowa mkati. Pilo wa pabedi kapena chitenje chopinda si khushoni, pakangopita kanthawi zimaphwatalala munthu nkukhala pa thabwa. Zija zozungulira zoboola pakati nazonso ayi, zimadinda m'mbali mwa malo omwe mukufuna kuteteza. Khushoni yeniyeni imakhala yolimba pansi, yofewa pamwamba, yokumbika pomwe pamakhala mafupa, ndipo iyenera kufanana saizi ndi mpandowo. Mphatso yabwino zedi apa ndi khushoni yachiwiri kapena kavala yachiwiri, kuti ina ikanyowa kapena ikachapidwa asakhalire yonyowa. Chizindikiro choti khushoni yatha ntchito ndi banga pakhungu lomwe silichoka pakatha mphindi 30 munthu atachoka pampando. Pa khungu lakuda silifiira kwenikweni, limada kuposa malo ena, limatentha kapena kulimba mukakhudza. Likaoneka, asakhalire malowo ndipo apite kuchipatala, si nkhani yodikira mphatso.

Chachitatu, zinthu zomwe zimatha

Apa ndi pomwe ndalama yochepa imagwira ntchito yaikulu, koma anthu sakonda kugula chifukwa sizioneka zapamwamba. Tengani malabala a kunsi kwa ndodo zoyendera. Munthu woyenda tsiku ndi tsiku pa msewu wa miyala amawadya msanga, mizere ya pansi ikatha ndodo imaterera pa simenti yonyowa, ndipo chitsulo chikaboola labala mumamva kuti kho kho akamayenda. Kugwa kwina kumachokera pamenepo.

Koma malabala ali ndi masaizi, omwe amapezeka kwambiri ndi mamilimita 16, 19, 22 ndi 25, ndipo nambalayo ndi kunenepa kwa paipi ya ndodo. Nthawi zina imalembedwa pa labala lakalelo, ngati yafufutika chotsani labala, zungulizani ulusi pa paipi kamodzi nkuuyeza pa lula. Ulusi ukakhala pafupifupi masentimita 6 ndiye kuti ndi 19, ukayandikira 7 ndi 22, ukayandikira 8 ndi 25. Muli ku Joni kapena ku Ulaya uzani mwana wa pakhomopo ayeze akutumizireni chithunzi pa WhatsApp. Sankhani okhala ndi kawashala ka chitsulo mkati, kamaletsa paipi kudula labala, ndipo gulani mapeya angapo chifukwa amasinthidwa onse awiri nthawi imodzi, kusintha limodzi ndodo zimasiyana kutalika. Lalikulu limavuka panjira, laling'ono sililowa, kukulunga pepala kuti likwane ndi kuika munthu pangozi.

Muli pomwepo taonani kutalika kwa ndodozo. Munthu akaima manja atagwa m'mbali, chogwirira chizikhala pa mfundo ya dzanja pomwe timavala wotchi. Ngati ndi za kukhwapa, pakati pa khwapa ndi mutu wa ndodo pazitsala zala ziwiri kapena zitatu, chifukwa kulemera kuyenera kupita m'manja, kukamapita kukhwapa kumadinda mitsempha dzanja nkuyamba dzanzi. Ana amakula ndodo zili zomwezo, ndiye mwana wa achemwali anu akamayenda chowerama mwina vuto ndi limenelo.

Wa wilitcheya kapena njinga yopalasa ndi manja, mugulireni pampu yakeyake, machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, sipanala zokwana manati a njingayo ndi kabotolo ka oyilo. Werengani nambala yomwe ili m'mbali mwa tayala musanapite kushopu, zambiri zopinda zija zimalembedwa 24 x 1 3/8 pomwe zina zopangidwira kumudzi zimavala matayala a 26 a njinga wamba, omwe wokonza njinga aliyense pa tauni ali nawo. Onaninso ngati pampuyo ikugwirizana ndi vavu ya chubu, ndipo ngati matayala ake ndi a labala lokhalokha osapopa, pampu ndi machubu mwataya ndalama. Tayala lopanda mpweya limalemeretsa kupalasa komanso mabuleki sagwira bwino, chifukwa buleki ya wilitcheya imadinda pa tayala penipeni. Magolovesi odula zala aja a opalasa njinga amathandizanso, m'dzinja matope onse a pa tayala amathera m'manja.

Chachinayi, mpando wa kuchimbudzi

Tiyerekeze amalume aja, sitiroko inagwira mbali ya kumanzere, amayenda ndi ndodo imodzi pang'onopang'ono koma kunjuta sangathe, ndiye tsiku lililonse amachita kugwiriziridwa ndi akazi awo kapena mwana wawo. Munthu yemwe anali mutu wa banja zimenezi zimamudya mumtima kuposa mwendowo, ena mpaka amachepetsa kudya ndi kumwa madzi kuti asamapite pafupipafupi. Mphatso yoposa wailesi ndi suti ndi mpando woboola pakati, ndipo kalipentala wa pamudzi pomwepo akhoza kupanga mukamupatsa miyezo.

Yambani ndi kuyeza amalumewo atakhala pa mpando wamba atavala nsapato zomwe amavala masiku onse, kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo. Tinene kuti mwapeza masentimita 43. Mpandowo ukhale wotalika 43 kapena kuposerapo pang'ono ngati 45, chifukwa mpando wokwererapo pang'ono sumavuta kudzukapo, koma mapazi onse azipondabe pansi bwinobwino, akamalendewera munthu wofooka mbali imodzi amagwera komweko. Bowo likhale lozungulira motalikirako, pafupifupi masentimita 20 m'lifupi ndi 25 mpaka 30 kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, m'mbali mwake mosalazidwa ndi sandipepa mpaka mutadutsitsa dzanja osamva kanthu, chifukwa mbali yomwe inagwidwayo mwina samva bwino ndipo kachitsotso ka thabwa kakhoza kuwacheka osadziwa. Pakhale choyedzamira kumbuyo ndi zogwirira manja mbali zonse, pafupifupi masentimita 20 pamwamba pa pokhalira.

Kenako kaoneni chimbudzicho musanapite kwa kalipentala. Ngati pansi ndi silabu ya simenti zili bwino, ingoyezani kuti miyendo ya mpando itangadze bowo ndipo isaponde pa timapazi tokwera tija. Ngati ndi cha mitengo chozira ndi dothi samalani, miyendo inayi yosongoka imaboola dothi makamaka mitengo ikayamba kufumbwa, ndiye kalipentala akhomere thabwa lalitali kunsi kwa miyendo iwiri ya mbali iliyonse kuti kulemera kumwazikane. Chimbudzi chikakhala chokayikitsa, silabu ikhale mbali ya mphatsoyo. Pansi pa bowo la mpando mangirirani ndowa yapulasitiki yodula matako kuti ikhale ngati paipi yolunjika kudzenje, apo ayi pansi pazida ndipo amalume azichita manyazi ndi omwe akukolopa. Pentani ndi penti wa oyilo kawiri kuti uzitsukika, thabwa losapenta limamwa fungo. Mpandowo usakhomeredwe pansi, ena azitha kuusuntha, komanso usiku kapena mvula ikamagwa ukhoza kulowa kuchipinda ndi ndowa yokhala ndi chivindikiro pansi pake.

Chogwirira cha pakhoma kapena mtengo wozika pansi chikhale mbali ya dzanja lamphamvu munthu atakhala, kwa amalume awa ndi kumanja kwawo, anthu ambiri amayeza ataima pakhomo kuyang'ana mkati nkukhoma mbali yolakwika. Khoma la zidina zosaotcha silisunga misomali, bola kuzika mtengo wolimba pansi. Chitseko chizitsegukira kunja, kuti ngati agwa mkati thupi lawo lisatseke njira, ndipo kachotsekera kakhale kotheka ndi dzanja limodzi. Akayamba kugwiritsa ntchito mpandowo funsani pambali, ukugwedezeka? podzuka mukuchita kudzikoka kwambiri? Kudzikoka ndiye kuti wafupika, onjezerani thabwa pansi. Mapazi akamalendewera adule miyendo pang'ono. Muuzeni kalipentala pachiyambi pomwe kuti adzabweranso kudzakonza, zikhale mu mtengo womwe mwagwirizana.

Sitepe ya pakhonde nayo, ngati mwaganiza zowamangira potsetsereka, lamulo lomwe amisiri amatsata ndi lakuti sentimita imodzi yokwera ifune masentimita 12 a kutalika. Khonde lokwera masentimita 30 lifuna potsetsereka pa mamita 3 ndi masentimita 60, ndipo apa ndi pomwe mmisiri amakuuzani kuti bwana simenti ithera pamenepa tingofupikitsa. Musalole, kotsetsereka kwambiri munthu sangakwere yekha ndipo wilitcheya imagadabukira kumbuyo, ndiye mwamanga chinthu chofunabe womukankha. M'lifupi pakhale mita imodzi, m'mbali kakhoma kakang'ono koletsa wilo kugwera kunja, pamwamba penipeni pa khomo pakhale malo athyathyathya oti aime potsegula chitseko. Simenti yake ikhale yokhakhala, ndipo auzeni atsikana a pakhomopo kuti polishi wofiira apa ayi.

Enawo mwachidule

Wachialubino, chipewa cha khonde lalikulu kuzungulira konse osati kapu, malaya a manja aatali a nsalu yothinana, magalasi a dzuwa, ndi mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 30 kapena kuposa, bola 50. Onani deti yothera ntchito, ndipo kumbukirani kuti botolo limodzi silikhalitsa kwa munthu wodzola tsiku lililonse, ndiye kulonjeza kuti muzitumiza pafupipafupi nkumachitadi kumaposa katoni ya kamodzi. Sankhani chipewa choti munthu angachinyadire, mtsikana wa ku sekondale sangavale chipewa cha kumunda.

Wosaona, foni ya Android ili kale ndi TalkBack yomwe imawerenga zomwe zili pa sikirini, koma ena anazolowera ya mabatani ndipo amaithamangitsa kuposa inu, afunseni. Wovala makina othandiza kumva, mabatire ake ali ndi manambala ndi mitundu, 10 wachikasu, 312 wabulauni, 13 wa olenji, 675 wabuluu, onani paketi yakale. Musamatule kapepala ka pa batire kuti muyese, mukangomatula limayamba kutha.

Ndipo si mphatso iliyonse iyenera kukhala ya ulumali. Azakhali oyendera ndodo aja amakondanso chitenje chabwino ndi perefyumu ngati mzimayi wina aliyense, amalume amafuna jezi ya timu yawo. Munthu akamalandira malabala ndi mankhwala okhaokha chaka ndi chaka amayamba kuona kuti abale akamuyang'ana amangoona mwendo. Ikani kanthu kokoma pambali pa kothandizako. Ngati ndi telala kapena ali ndi kageni, ulusi, nsalu kapena katundu wa pa benchi ndi mphatso yomwe imamubweretsera ndalama yakeyake.

Chomaliza, kaperekedwe

Perekani m'manja mwa mwini wake, mukuyankhula ndi iyeyo. Ali pa wilitcheya khalani pansi mufanane, osamuyankhula mutaimirira pamutu pake kapena mutatsamira njinga yake. Wosaona muuzeni kuti ndi chani, mumupatse achigwire, ndipo mukachiika penapake nenani pomwe mwaika. Zakuchimbudzi, matewera a akuluakulu ndi zina zotero zimalowa mwakachetechete, osati pa Khirisimasi ana ndi alamu ali bwalo lonse.

Zithunzi. Chonde, zoimika munthu pafupi ndi thumba la ufa kapena kumukhazika pa wilitcheya yatsopano inu mutagwira kumbuyo nkuponya pa Facebook kuti tathandiza ovutika, zimenezo ndi zanu osati zake. Ndipo kufunsa kuti tijambule munthu atangolandira kumene si kufunsa kwenikweni, akana bwanji. Ngati munasonkherana pa gulu la banja ndipo ena akufuna umboni, jambulani katunduyo ndi lisiti. Kwa wachialubino pali nkhani ya chitetezo, tonse tikudziwa zomwe zakhala zikuchitika m'dziko muno, chithunzi chake ndi dzina la mudzi wake si zoponya pagulu.

Nenani pamaso pa a pakhomopo, mwaulemu, kuti ichi ndi cha amalume. Foni, tochi ya sola ndi wailesi zimakonda kusamukira kwa achinyamata pakatha sabata, njinga ya olumala mpaka imakatunga madzi, ndipo mwini wake sadandaula chifukwa omwewo ndi amene amamusamala. Ndalama tumizani pa nambala yawo ya Mpamba kapena Airtel Money ngati ali nayo, pini ikhale yodziwa iwo. Akaigwiritsa ntchito pa zina zomwe inu simunaganize, kaya fetereza kaya fizi ya mdzukulu, musawazenge mlandu.

Pakapita mwezi imbani mufunse iwo eni ngati chinthucho chikugwira ntchito, ndipo funsani mowapatsa mpata wokana, monga "chija chikukuvutani pati kuti tikonze?" chifukwa mukafunsa kuti chili bwino eti, ayankha kuti chili bwino ngakhale chili pansi pa bedi. Sungani lisiti, nambala ya kalipentala ndi masaizi onse aja mu foni, malabala akadzatha mudzangotumiza osayambanso kuyeza.